Mtengo wa pa Wailesi ndi Ndarama Zofika M'manja

Nkhani yathu ya lero yacokera m'kalata ya bambo wina wacikulire wokhala ku Kabwata. Bamboyu anagwira nchito zaka zambiri pa mgodi wa Nchanga ku Chingola, ndipo tsopano anapumula. Dzina lao sindichula, pakuti m'kalatamo muli mlandu wa pa banja. Iwo alemba kuti mwana wao wamwamuna, amene agwira nchito ku Johannesburg, anawatumizira marandi 5,000 akuti agulire malata a nyumba. Tsiku lomwelo anamva pa wailesi kuti randi imodzi iri pa K1.40, ndipo atawerenga anapeza kuti ayenera kulandira K7,000. Popeza miyendo yao ibvuta, anatuma mdzukulu wao wamkazi kukatenga ndaramazo, koma mtsikanayo anabwera ndi K6,300 cabe. Kucokera tsiku limenelo agogo ndi mdzukulu sadyera pamodzi. Funso lao ndi ili: "Kodi K700 yanga anadya ndani, mdzukulu wanga kapena mwana wanga?"

Ndinapita ku Kabwata kukawaona, ndipo tinakhala pansi ndi pepala ndi pensulo. Zimene tinapeza ndifuna kuti tiziwerengenso pamodzi lero, cifukwa mlandu wotere ufika pa makomo ambiri. Manambala ndawasalaza pang'ono kuti awerengeke msanga, ndipo musawayese mtengo wa lero, pakuti mtengo wa ndarama usintha tsiku ndi tsiku. Cimene sicisintha ndico kawerengedwe kace.

Cifukwa cace mtengo suli umodzi

Akulu amene anayamba nchito kale akumbukira nthawi imene mtengo wosinthira ndarama unali umodzi dziko lonse. Pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi pa 16 January 1968, paundi imodzi ya Zambia inasinthidwa ndi makwacha awiri, ndipo mtengo wa kwacha poilinganiza ndi ndarama za maiko ena unali kuikidwa ndi Boma. M'mwezi wa October 1985 Banki ya Zambia inayamba kugulitsa madola mwa kupikisana mlungu uli wonse, wochula mtengo wokwera ndiye anali kutenga, ndipo njira imeneyi inalekeka mu May 1987. M'caka ca 1992 analola nyumba zosinthira ndarama, zimene anthu azicha mabyuro, ndipo mu 1994 malamulo oletsa kugula ndi kugulitsa ndarama zakunja mwaufulu anacotsedwa. Kuyambira pamenepo dola ndi randi zakhala ngati katundu wa pa msika. Banki iri yonse ndi byuro iri yonse iika mtengo wace.

Tsono mtengo umene mumva pa wailesi, kapena umene muuona pa lamya yanu ya m'manja, ndi wotani? Kawirikawiri umenewo ndi mtengo wa pakati, wotengedwa ku malonda akulu amene mabanki acita okha okha. Banki ya Zambia, imene likulu lace liri pa mseu wa Cairo, ifalitsa mitengo yotere masiku onse a nchito. Mtengo umenewu ndi woona ndithu, koma suli lonjezo kwa inu kapena kwa ine. Ufanana ndi mtengo wa thumba la cimanga pamene amalonda agulitsana malole athunthu. Munthu wogula mbale imodzi pa msika wa Kabwata salipira mtengo womwewo. Nchito ya mtengo wa pa wailesi ndi ya muyeso: ndi cingwe cimene tiyesera naco kuti wosintha ndarama watenga zingati.

Mizere iwiri ya pa bolodi

Mukalowa m'byuro pa mseu wa Cairo, kapena m'masitoro akulu a ku Woodlands ndi Kabulonga, mudzaona bolodi lokhala ndi mizere iwiri ya manambala. Pamwamba pa mzere umodzi alemba BUY, pamwamba pa unzace alemba SELL. Kumbali kuli zilembo zitatu zitatu zoimira ndarama za maiko: USD ndiyo dola ya Amereka, ZAR ndiyo randi, GBP ndiyo paundi ya ku Mangalande, ndipo ZMW ndiyo kwacha yathu. Anthu ambiri asokonezeka pa bolodi limeneli cifukwa aiwala cinthu cimodzi, cakuti bolodi lilankhula m'malo mwa mwini byuro, si m'malo mwa inu ai. Mzere woyamba utanthauza kuti iye agula kwa inu pa mtengo umenewo. Mzere waciwiri utanthauza kuti iye agulitsa kwa inu.

Tiyerekeze kuti mtengo wa pakati wa dola ndi K25.00, ndipo bolodi lanena K24.75 pa mzere wogula ndi K25.25 pa mzere wogulitsa. Mnyamata woyendetsa galimoto ku Kabulonga, amene mlendo wamsiyira madola 200 ndipo afuna makwacha, adzalandira K4,950, cifukwa byuro iri kugula kwa iye. Mai wa ku Chelstone amene afuna madola 200 akuti akagulire katundu ku Dar es Salaam adzalipira K5,050, cifukwa byuro iri kugulitsa kwa iye. Madola ndi omwewo, tsiku ndi lomwelo, zenera ndi lomwelo, koma pakati pao pali K100, ndipo ndiyo phindu la mwini byuro. Njira yosaiwalika ndi iyi: pa manambala awiriwo, yanu nthawi zonse ndi imene ikupwetekani. Mukabwera ndi ndarama zakunja mupatsidwa nambala yaing'ono, mukafuna ndarama zakunja mulipira nambala yaikuru.

Cotero ngakhale alembe pa citseko kuti salipiritsa komishoni, musayese kuti asintha kwaulere. Malipiro ao ali m'kati mwa mtengo. Dziwaninso kuti mtengo wa pa bolodi nthawi zambiri ndi wa mapepala akulu, monga a madola 50 ndi 100. Mapepala ang'ono, akale kapena ong'ambika ena awagula pa mtengo wotsika, ena awakana. Funsani musanapereke.

Mlandu wa ku Kabwata

Tibwerere kwa bambo wathu uja. Coyamba ndinawapempha kuti aimbire mwana wao lamya, atumize cithunzi ca lisiti limene anapatsidwa ku Johannesburg. Lisitilo linaonetsa kuti mnyamatayo anaperekadi marandi 5,000 pa zenera. Pamenepo mwana anatuluka m'mlandu. Koma pansi pace panali mzere wina, wonena kuti kampani yotumiza inacotsapo marandi 300 monga malipiro a katumizidwe. Ndarama zimene zinasinthidwa kukhala makwacha sizinali 5,000 ai, zinali 4,700. Marandi 300 amenewo, tikawayesa ndi mtengo wa pa wailesi wa K1.40, ndi K420. Imeneyi ndiyo mbali yoyamba ya K700 ija, ndipo inatsala ku Johannesburg komweko, sinaoloke konse Limpopo.

Caciwiri tinafuna mtengo wosinthira pa lisitilo. Unalembedwa ndi tizilembo tating'ono motere: 1 ZAR = 1.35 ZMW. Bamboyo anaseka nati, "Iai mwana wanga, mangwee asanu okha angapange ciani?" Ndinawayankha kuti, "Atate, mangwee asanuwo acotsedwa pa randi iri yonse, ndipo marandi alipo 4,700." Titaculukitsa 4,700 ndi mangwee 5 tinapeza K235. Imeneyi ndiyo mbali yaciwiri, ndipo ndiyo yoopsa koposa, cifukwa palibe pamene yalembedwa kuti malipiro. Munthu aipeza pokha pokha ataika mtengo wa pa lisiti pambali pa mtengo wa pakati wa tsiku limenelo.

Tsono tinaculukitsa marandi 4,700 ndi K1.35, ndipo tinapeza K6,345. Tinatsegula lamya ya bamboyo ndi kufuna uthenga wa tsiku lija. Uthengawo unanena kuti m'thumba lao la ndarama la pa lamya munalowa K6,345, osapungula ngwee ndi imodzi yomwe. Uthenga wotsatira unaonetsa kuti mdzukulu anatapa K6,300 pa kanyumba ka wothandizira, ndipo K45 inacotsedwa monga malipiro a kutapa. Iyi ndiyo mbali yacitatu. Tikaphatikiza K420, K235 ndi K45, tipeza K700 yeni yeni. Mtsikana uja anabweretsa ndarama zonse zimene anapatsidwa.

Onani tsono kuti K700 sinatengedwe ndi dzanja limodzi. Inacoka pa zipata zitatu: pa malipiro olembedwa poyera, pa mtengo wosinthira, ndi pa kutapa. Ndarama ziri zonse zocokera kunja zidutsa pa zipata zotere, ndipo munthu wofufuza ayenera kufunsa pa cipata ciri conse.

Mtengo weni weni

Pali kawerengedwe kamodzi kamene kaphatikiza zipata zonse, ndipo ngati muiwala zina zonse za lero, aka kokha kasungeni. Tengani makwacha amene afika m'manja mwanu, muwagawe ndi ndarama zonse zakunja zimene zinacoka m'thumba la wotumiza. Yankho lace ndilo mtengo weni weni umene mwasinthira. Kwa bambo wa ku Kabwata, K6,300 kuigawa ndi 5,000 ipatsa K1.26. Wailesi inati K1.40, lisiti linati K1.35, koma m'manja munafika K1.26 pa randi iri yonse. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa cala ndi wa mphepo. Mtengo wa pa wailesi ndi wa pa cala.

Ngati mufuna kudziwa kukula kwa cimene mwataya, gawani cosowaco ndi cimene munayembekeza. K700 pa K7,000 ndi gawo limodzi la magawo khumi, ndiko kunena K10 pa K100 iri yonse. Kodi zimenezi ndi zambiri? M'caka ca 2015 maiko a m'bungwe la United Nations anapangana kuti pofika 2030 mtengo wotumizira ndarama kwao kwa anthu ogwira nchito kunja utsike kufika pansi pa 3 pa 100 iri yonse. Pa muyeso umenewo bambo wathu akadataya ndarama zosapitirira K210. Cotero anadyeredwa ndithu, koma sanaberedwe mwa kuswa lamulo, pakuti zonse zinalembedwa pa mapepala. Mankhwala ace si kupita ku polisi, koma kusankha bwino ulendo wina.

Mucenjere pa kalembedwe ka mtengo. Malisiti ena alemba motembenuza, monga 1 ZMW = 0.74 ZAR. Mtengo ndi womwe uja wa K1.35, koma auonera ku mbali ya kwacha. Mukaona kuti kwacha ndiyo yaikidwa patsogolo ndi nambala 1, musaculukitse, koma gawani marandi anu ndi nambala inayo. Mukasokonezeka, dzifunseni ngati yankho lanu liri pafupi ndi cimene munayembekeza. Marandi 4,700 sangabale makwacha osafika 4,000 pamene randi iposa kwacha.

Malipiro ocepa sali nthawi zonse otsika mtengo

Mwana wa bamboyo, atamva za marandi 300, anati mwezi wa mawa adzapita ku kampani ina imene ilipiritsa marandi 100 okha. Ndinampempha kuti ayambe wafunsa mtengo wao wosinthira wa tsiku lija. Anapeza kuti unali K1.28. Tiyeni tiwerenge. Pa marandi 5,000 tikacotsa 100 patsala 4,900, ndipo 4,900 kuculukitsa ndi K1.28 ipatsa K6,272. Kampani yoyamba, ya malipiro okwera, inafikitsa K6,345. Yaciwiri, ya malipiro otsika, ikadafikitsa K6,272, kucepa ndi K73. Cimene inaleka pa cipata coyamba inacitenga pa cipata caciwiri ndi kuonjezapo.

Cifukwa ca ici musafunse kalaliki wa pa zenera kuti, "Malipiro anu ndi angati?" ndi kulekera pomwepo. Funso labwino ndi ili: "Ndikapereka marandi 5,000 onse pamodzi, atate wanga ku Lusaka adzalandira makwacha angati?" Ndipo ngati muli pa byuro muno m'tauni funsani kuti, "Ndikakupatsani madola awa, mudzandiwerengera makwacha angati m'manja, mutacotsa zonse?" Funso lotere lifuna yankho la nambala imodzi, ndipo nambala imodziyo mukhoza kuilinganiza ndi ya pa zenera lina. Funsani pa mazenera awiri kapena atatu pa ora lomwelo. Safunsa anadya phula.

Funsaninso ngati malipirowo acotsedwa m'kati mwa ndarama zanu kapena aonjezedwa pamwamba. Mnyamata wa ku Johannesburg anauza atate wace kuti watumiza 5,000, ndipo sananame, koma akadanena kuti, "Ndapereka 5,000, zosinthidwa ndi 4,700, mudzalandira K6,345," mlandu wonse sukadabuka. Inu a ku migodi amene mutumiza kapena kulandira, zolowerani kuchula nambala yomariza imeneyi.

Ndarama zodzera ku banki

Pali njira ina imene ibvutitsa anthu, ndiyo ya ndarama zocoka ku banki ya kunja kulowa m'buku lanu la ku banki muno. Tiyerekeze mai wa ku Woodlands amene mwana wace wamkazi ndi namwino ku Mangalande. Mwanayo atumiza mapaundi 500, koma banki ya ku Lusaka inena kuti kwafika 480. Maiyo akwiya ndi banki yace, pamene mwina banki yaceyo sinakhudze mapaundi 20 amenewo. Mabanki awiri a maiko otalikirana kawirikawiri sapatsirana ndarama okha. Pakati pao pamakhala banki ina, kapena ziwiri, yolandira ndi kupitiriza, ndipo iri yonse ikhoza kudulapo gawo lace.

Pa pepala limene wotumiza adzaza pali malo osankha wolipira zimenezi, ndipo alembapo mau atatu afupi. OUR atanthauza kuti wotumiza alipira zonse, kuti ndarama zinyamuke zathunthu. SHA atanthauza kugawana: wotumiza alipira banki yace, ndipo za m'njira ndi za kofikira zigwera wolandira. BEN atanthauza kuti zonse zicotsedwa pa ndarama za wolandira. Cotero mai wathu, asanakangane ndi wina ali yense, apemphe mwana wace pepala la umboni wa katumizidwe, aone mau amene anasankhidwa. Pambuyo pace apemphe banki yace kuti imuonetse zinthu zitatu: mapaundi amene anafikadi, mtengo umene inasinthira, ndi malipiro ace a kulandira. Afunsenso ngati mapaundiwo anayamba asinthidwa kukhala madola asanakhale makwacha, pakuti kusintha kawiri ndi kudulidwa kawiri.

Malipiro a mtundu uwu nthawi zambiri ndi oikika, sasamala kuti ndarama ndi zambiri kapena zocepa. Mapaundi 20 pa 500 ndi 4 pa 100 iri yonse, koma mapaundi 20 omwewo pa 100 ndi gawo limodzi la magawo asanu. Pa njira yotere, kutumiza pang'ono pang'ono mlungu uli wonse kudya zambiri koposa kusonkhanitsa ndi kutumiza kamodzi.

Tsiku ndi ora

Cipata cina cimene sicioneka ndico nthawi. Mtengo umene kalaliki wakuuzani m'mawa pa lamya sumanga byuro madzulo, pokha pokha mutapangana kuti ausunga. Ndipo pa ndarama zodzera ku banki, mtengo wogwira nchito ndi wa tsiku limene banki yasintha, si wa tsiku limene mwana wanu anatumiza. Masiku ambiri kusiyana kwace ndi kwa mangwee owerengeka, koma pali nyengo zina pamene kwacha ithamanga. Pakati pa caka ca 2021 dola imodzi inali kupitirira K22, koma pofika mwezi wa September caka comweco inali itatsika kufika pafupi ndi K16. Munthu amene anawerengera malata ace pa mtengo wa mwezi wa June, nasintha madola ace mu September, anapeza kuti gawo loposa limodzi la magawo anai lasowa, popanda wakuba ali yense.

Cotero pofufuza, linganizani lisiti lanu ndi mtengo wa tsiku lolembedwa pa lisitilo. Kulinganiza lisiti la Lolemba ndi mtengo wa pa wailesi wa Lacisanu ndiko kuyesa nsaru ndi mikono ya anthu awiri osiyana.

Kudziwa ngati palakwikadi

Tsono tisiyanitse zinthu ziwiri, kudyeredwa ndi kulakwiridwa. Pa lisiti labwino payenera kuoneka ndarama zimene mwapereka, mtengo wosinthira, malipiro ngati alipo, ndarama zimene mwalandira, ndiponso tsiku ndi dzina la nyumbayo. Muli ciimire pa zenera, cotsani malipiro, culukitsani ndi mtengo, muone ngati yankho lifanana ndi nambala yomariza. Lamya iri yonse ya m'manja iri ndi makina owerengera, ndipo nchitoyi sitenga mphindi ziwiri. Kenaka werengani ndaramazo pamaso pa kalaliki, musanacoke, ngakhale a pambuyo panu adandaule.

Ngati masamu agwirizana, ndipo mtengo wa pa lisiti ndi womwe unali pa bolodi kapena umene munauzidwa, palibe mlandu, ngakhale mtima uwawe. Koma ngati bolodi linati K24.75 ndipo lisiti lati K24.25 popanda cifukwa cimene munauzidwa poyamba, kapena pacotsedwa malipiro amene sanachulidwe, kapena ndarama za m'manja zicepa pa za pa lisiti, pamenepo palakwika. Nenani nthawi yomweyo, mwaulemu, ndipo ngati kalaliki sakonza pemphani kuona mkulu wa pa malopo. Zikakanika, lembani kalata ya dandaulo kwa eni nyumbayo, muchule tsiku, ora ndi manambala, musunge lisiti ndi cifanizo ca kalatayo. Ngati sakuyankhani mokhutiritsa, pitani nayo nkhaniyo ku Banki ya Zambia, pakuti ndiyo ipereka cilolezo kwa mabanki ndi mabyuro ndi kuwayang'anira. Koma ngati colakwa cinacitika ku dziko kumene ndarama zinacokera, wotumiza ndiye ayenera kudandaula komweko, cifukwa lisiti liri m'dzina lace.

Apa ndipo paonekera kuipa kwa kusintha pa mseu. Mseu wa Katondo, pakati pa tauni, unachuka kuyambira kale ndi anyamata osintha ndarama poyera, ndipo mtengo umene iwo achula umveka wokoma koposa wa pa bolodi. Koma pa mseu palibe lisiti. Ngati pepala limodzi labwezedwa m'dzanja pamene ali kuwerenga mofulumira, kapena pakati pa mtolo pali pepala lonyenga, mulibe umboni, mulibenso kokadandaula. Mtengo wocuruka ndi mangwee 30 pa madola 200 ukupindulitsani K60, koma pepala limodzi la K100 likasowa, phindu lonselo latha ndipo mwalowa m'kutaya. Wosintha amene akupatsani mtengo woposa wa pakati, umene mabanki eni ace agulitsirana, dzifunseni kuti phindu lace alipeza pati.

Bambo wa ku Kabwata, masamu atatha, anakhala cete kanthawi, naitana mdzukulu wao amene anali kutsuka mbale kuseri kwa nyumba. Zimene ananena kwa iye ndi za pa banja, sindizibwereza pa wailesi. Koma pamene ndinali kutsazika, ndinaona mtsikanayo atatenga pensulo ija ndi kulemba pa cikuto ca buku lace la sukulu mizere inai: zoperekedwa, malipiro, mtengo, zolandira. Agogo ace anati kuyambira tsopano iye ndiye kalaliki wa pa nyumba, ndipo mwana wa ku Johannesburg adzayamba watumiza cithunzi ca lisiti ndarama zisanatapidwe. Malata anagula ocepa ndi mapepala angapo, otsalawo adikira mwezi wa mawa.

Inunso amene muli ndi lisiti limene likubvutani, lisungeni bwino, muyese kuwerenga monga tacitira lero, ndipo ngati masamu akana kugwirizana tilembereni kalata. Tsalani bwino nonse.